Nkhope Yanga ndi Mkate wa Mgonero

Mayi a kunyumba kwanga ali moyo, sindinkadziwa n'komwe sitolo imene ankagulako mafuta odzola. M'mawa ndikatuluka kubafa ndinkangotambasula dzanja ngati mwana, iwo n'kundiikira pang'ono pachikhatho, ine n'kupaka kumaso n'kumapita. Sopo wosambira ndinkamupeza ali pamalo pake, madzi atafunditsidwa kale. Zinkayenda choncho zaka zonse zimene ndinali kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndiponso nditapuma ntchito n'kubwerera nawo kumudzi kwawo kufupi ndi Thuchila. Ine ndinkayesa kuti nkhope ya munthu imadzisamala yokha.

Anadwala nthawi yaitali. Kuchipatala anatiuza kuti ndi khansa ya m'chiberekero, koma matendawo anawaondetsa kwambiri, ndipo inali nthawi ija imene munthu akaonda anthu sankafunsanso dzina la matenda. Maliro anali ambiri m'midzi yathu, mankhwala otalikitsa moyo asanafike ponseponse. Odzazonda ankapemphera nafe mochokera pansi pa mtima, zimenezo sindingakane, koma potuluka ankandiyang'ananso ineyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kwathu kuno wofedwa sadzola mafuta kufikira tsiku lometa maliro, ndipo ngakhale ife a mpingo mwambo umenewu timausunga. Tsiku lometa linafika n'kudutsa, koma palibe anandiuza kuti tsopano yambani kudzola. Botolo la mafuta linapita limodzi ndi zitenje ndi ziwiya pamene achibale ankagawana katundu wa malemu. Ine ndinatsala m'nyumba ndekha, mkamwini pamudzi wa eni, kudikira tsiku limene akuchikazi adzandisudzule akadzamanga chiliza. Ana athu anali kutali kuntchito zawo. Woyang'anira pakhomo ponsepo anali alamu anga, mkulu wake wa malemu, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga.

Sopo amene ndinali naye anali wochapira zovala, wamtanda wobiriwira uja. Ndinkachapira malaya, ndinkatsukira mbale, ndipo ndinkasambiranso kumaso, poganiza kuti sopo ndi sopo basi. Ndevu ndinkameta ndi lezala lakale lomwe lija, mouma, ndikulikoka kuchokera pakhosi kupita m'mwamba kuti zichoke bwino. Pakhosi ndi pachibwano panayamba kutuluka tiziphuphu tolimba toyabwa. Ndinkatifinya, tina n'kutiboola ndi phini, ndipo paliponse pamene ndaboola pankatsala banga lakuda. Kenako inafika nyengo yozizira, chiperoni chikuwomba kuchokera kuphiri, masaya anga n'kutuwa mbuu n'kuyamba kuthetheka. Chipumi chinada ndi dzuwa la kumunda wa nandolo, chifukwa ndinkalima wopanda chipewa. Galasi ndinali nako kachibenthu chabe kometera, koonetsa chibwano chokha, choncho nkhope yonse pamodzi sindinkaiona. Anthu ena ndiwo ankaiona.

Kumpingo kwathu ndinali mmodzi wa akulu a mpingo, ndipo ntchito imene ndinkaikonda kuposa zonse inali ya mkate wa mgonero. Loweruka la mgonero ndinkapita kutchalitchi masana, n'kusamba m'manja, n'kuyala nsalu yoyera, n'kudula buledi tizidutswa ting'onoting'ono tofanana. Lamulungu ndinkanyamula mbale imodzi kumbali ya azimayi. Sindine munthu wa mawu. Kulalikira sindimatha, kuimba ndimasokoneza anzanga. Chimene ndinkatha kupereka kwa Mulungu chinali mpeni wakuthwa ndi manja oyera, ndipo mayi aja atamwalira, ntchito imeneyi ndi imene inkandidzutsa pamphasa.

Pa mgonero woyamba wa nyengo yozizira ija ndinafika pa benchi ina n'kutambasula mbale. Mayi wina amene tinapemphera naye zaka zambiri anatambasula dzanja, n'kukweza maso kundiyang'ana kumaso, dzanja lija n'kulibweza pang'onopang'ono n'kuliika pamwendo. Anaweramitsa mutu ngati akupemphera. Woyandikana naye anachitanso chimodzimodzi. Ena anatenga, koma ndi nsonga za zala, ndipo sindinaone ngati anadya. Ndinabwerera kutsogolo mbale ikadali yolemera. Anzanga mbale zawo zinali zitapepuka.

Mlungu womwewo alembi a mpingo anabwera kunyumba. Ndi munthu wabwino, mnzanga wakalekale, ndipo ndinaona kuti ulendowo unkawalemera. Anafunsa za nandolo, za ana, za denga limene linkadontha. Potsiriza anati akulu anzanga aona kuti ndatopa ndi maliro, ndiye ndi bwino ndipumeko kaye pa za mkate, wina agwirizire.

"Sindinatope ayi," ndinatero.

"Tikudziwa, abambo. Koma nkhosa zina n'zofooka m'chikhulupiriro." Anayang'ana pansi, akuzunguza chipewa m'manja. "Nkhope yanuyi ikuwaopsa. Mukapezako bwino tidzakambirananso."

Sanatchule dzina la matenda, inenso sindinalitchule. Atapita ndinakabwereka galasi lalikulu kwa alamu, kunamizira kuti ndikufuna kumeta kumutu. Ndinalowa nalo m'nyumba n'kuliimika pawindo. Nkhope imene ndinaiona inali ngati khungu la nthochi yopsetsa, kwina kwakuda, kwina kotuwa, mawanga mbali zonse. Ndinamvetsa mayi uja. Ndikanakhala ineyo pa benchi paja, sindikudziwa chimene dzanja langa likanachita.

Ndinaganiza kuti kudako ndi litsiro limene lalowerera, ndipo litsiro mankhwala ake n'kukhula. Ndinayamba kusamba kumaso ndi madzi otentha kwambiri, kupaka sopo wobiriwira uja mpaka thovu kuti mbwee, n'kumakhula ndi chinkhupule ngati ndikutsuka mphika. Ndinkatero m'mawa, masana pochokera kumunda, ndi madzulo. Khungu linkawawa, ine n'kumati ndiye kuti zikugwira ntchito. Wina pamsika anati ndimu amachotsa mawanga, ndiye ndinayamba kudzipaka madzi a ndimu n'kupita nawo kumunda padzuwa. Pamasaya panapsa, n'kusupuka, ndipo popola panada kuposa kale.

Tsiku lina la msika pa Thuchila ndinaima patali ndi benchi ya wogulitsa zodzoladzola, kudikira kuti azimayi achokepo. Atachoka ndinayandikira n'kunena kuti ndikufunira mwana wanga wamkazi mafuta a mawanga. Wogulitsayo anandiyang'ana kumaso, n'kunditulutsira kachubu kuchokera pansi pa benchi, akuti kochokera kutsidya kwa malire, koyeretsa m'masiku ochepa. Ndinakabisa m'thumba la jekete pamodzi ndi buku la nyimbo. Masiku oyamba kanaoneka ngati kakuthandiza, kuyabwa kunachepa ndipo masaya anayera. Koma anayera okha, ngati zigamba za nsalu ina pa malaya akale, chipumi ndi m'mbali mwa maso mukadali bii. Kenako panatuluka tiziphuphu tambiri tofanana, ndipo ndikaima padzuwa nkhope inkatentha ngati ndayandikira moto.

Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Mgonero wotsatira ndinalandira mkate wodulidwa ndi munthu wina, zidutswa zina zazikulu, zina nyenyeswa, ndipo ndinadzigwira ndikuweruza kadulidweko mkate uli m'kamwa. Ndinapempha chikhululukiro pomwepo. Koma pobwerera kunyumba mantha amene ndinkawakankhira kumbali anandipeza. Mwina anthuwa akuona zoona. Mwina akuchipatala aja anangotibisira.

Ndinakwera minibasi ya ku Boma osauza munthu. Kumalo oyezera magazi kunali benchi yaitali pakhonde, poonekera, ndipo ndinakhala pamenepo nditaphimba kumaso ndi dzanja ngati mutu ukundipweteka. Amene anandiyeza anali namwino wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Atandifotokozera zonse zoyenera, anandiuza kuti m'magazi mwanga mulibe kachilombo. Ndinkayembekezera kuti ndisangalala kwambiri, koma ndinangoti zii, chifukwa nkhope ija inali ikadali pomwepo ndipo ndi imene ndinkabwerera nayo kumudzi. Ndinamuuza za mkate. Iye anati ngakhale kachilomboko kakanapezeka, sikayenda pa buledi kapena pa mbale, ndipo anthu akutchalitchi kwathu akufunika kuphunzitsidwa. Kenako anasendeza mpando, n'kundiyang'anitsitsa kumaso pafupi ndi windo.

"Bambo, mumasambira chiyani kumasoku?"

Ndinamuuza.

"Wochapira zovala? Nanga mumadzola chiyani?"

Ndinatulutsa kachubu kaja. Anakawerenga, n'kupukusa mutu, n'kukaponya m'chitini cha zinyalala osandifunsa. Anati mafuta otere amakhala ndi mankhwala amphamvu amene amapepukitsa khungu ndi kubweretsa ziphuphu zina, ndipo ndikasiya mwina nkhope iyabwa kwa masiku angapo, koma ndisabwerereko. Nditamuuza za chinkhupule ndi ndimu anagwira pakamwa kuti asaseke, koma sizinatheke.

"Pepani bambo. Koma nkhope si poto."

Anati kuda kwa mawanga aja si litsiro. Khungu lathu likavulala, kaya ndi lezala, kaya ndi phini, kaya ndi kukhula, limapola ndi banga lakuda, ndipo dzuwa limalidetsa kwambiri. Ine pofuna kuchotsa mawanga ndinkapanga ena. Anandipititsa pa sinki ya m'chipindamo n'kundionetsa pankhope pake pomwe, ine n'kumatsanzira. Madzi akhale ofunda chabe, osati otentha. Sopo akhale wosambira, wosanunkhira kwambiri, thovu lake lipangidwe m'manja, n'kulisisita kumaso ndi nsonga za zala mofewa. Kutsukuluza mpaka sopo yense atachoka. Kansalu kopukutira kakhale koyera, ka kumaso kokha, ndipo n'kongogunditsa, osati kukwecha. Khungu likadali lonyowa pang'ono, ndipamene n'kupaka mafuta, ochepa, opanda fungo ndiponso osayeretsa. M'mawa ndi madzulo, basi. Ndevu ndizimeta nditasamba, zitafewa, ndi lezala latsopano, motsata kumene zagonera, ndipo kwa kanthawi ndingozidula ndi sizasi kuti pakhosi papole. Phini nditaye. Kumunda ndizivala chipewa cha mlomo waukulu.

Ndinamufunsa ngati palibe jekeseni kapena mapiritsi. Anati palibe, zimenezi n'zokwanira, koma zikapanda kusintha kapena zikakula ndibwerenso. Kuthetheka kudzatha msanga, ziphuphu zidzatsatira, koma mawanga amatenga miyezi. Ndinaima pa sinki paja madzi akudontha m'chibwano, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, amene ndinayang'anirapo anthu ambirimbiri m'minda ya tiyi, ndikuphunzitsidwa kusamba kumaso ndi mwana. Namwino wina analowa, n'kuona, n'kutuluka mwakachetechete. Manyazi a pakhonde paja anali ochepa poyerekeza ndi amenewa.

Sopo ndi mafuta ndinagula ku Boma komweko, m'sitolo imene palibe ankandidziwa, n'kuzikulunga m'nyuzipepala. Chipewa cha mlaza ndinagula panjira. Vuto linali limodzi. Mwamuna wofedwa amene sanasudzulidwe, akayamba kuwala kumaso pamudzi wa akuchikazi, aliyense amadziwa tanthauzo lake: wapeza wina. Ndinali nditamvapo amuna anzanga akunenedwa choncho, akuti taonani wayamba kung'anima, mnzake asanaume n'komwe m'manda. Choncho bafa la panja, la mpanda waudzu, ndinkasambiramo thupi lokha ndi sopo wakale. Za kumaso ndinkachitira m'nyumba, nditatseka chitseko, kabeseni kali pampando. Madzi ake ndinkathira pa tsinde la nthochi kuseri, ngati wakuba.

Masiku oyamba nkhope inayabwa ndi kufiira monga ananenera namwino uja, ndipo zala zinkafuna kukanda. Ndinkakhala pa manja anga. Chovuta kwambiri chinali kufatsa. Dzanja lozolowera khasu silidziwa kusisita, ndipo kangapo ndinkadzipeza ndikukhula ngati kale. Komanso mtima unkandiuza kuti chinthu chosawawa sichingachiritse. Koma patapita milungu ingapo masaya analeka kuthetheka. Ndikamwetulira khungu silinkakoka. Tiziphuphu ta pakhosi tinayamba kuphwa. Mawanga anali pomwepo, koma kutuwa kuja kunachoka, ndipo nkhope inayamba kuoneka ya munthu wamoyo.

Alamu anaona zimenezi ine ndisanazione. Anayamba ndi nthabwala, monga achitira alamu. Ndikamadutsa ndi khasu ankafunsa ngati kumunda kwabwera alendo, poti ena akupitako atavala chipewa ngati bwana wa esiteti. Tsiku lina anauza mdzukulu wawo wamkazi, mokweza kuti ndimve, kuti nthochi ya kuseri kwa nyumba yanga ikukula bwino chifukwa ikumwa madzi a sopo wonunkhira. Ine ndinkangoseka pang'ono n'kudutsa. Koma nthabwala zija zinayamba kuuma. Ndiwo zimene ankanditumizira madzulo zinaleka kubwera. Kutchalitchi ndinamva kuti nkhani yasintha: tsopano akuti ndili ndi mayi wina ku Boma, ndipo ndinaonedwa ndikukwera minibasi nditavala jekete pakati pa mlungu. Alembi anandipatsa moni wozizira. Ndinazindikira kuti mkate uja ukunditalikira kuposa kale. Wodwala amamumvera chisoni, koma mkulu wa mpingo wachibwenzi amamuitanitsa ku bwalo.

M'mawa wina, nditangotseka chitseko n'kuika beseni pampando, alamu anagogoda. Sanadikire kuti ndiyankhe. Anali ndi mng'ono wawo wina wa kwa amalume, mayi wachete, amene anabwera naye ngati mboni. Anakhala pakhonde n'kunena kuti ndituluke tikambirane.

Analankhula nthawi yaitali. Anati m'bale wawo anandisunga bwino zaka zonse, anandiberekera ana, ndipo chaka sichinathe. Anati iwo sakuletsa mwamuna kukwatira, mwamuna sakhala yekha, koma pali njira yake: ndidikire chiliza, andisudzule poyera, ndichoke ndi ulemu. Zomadzola mobisa m'nyumba ya malemu, pa mphasa ya malemu, n'kutukwana mtundu wawo wonse.

"Tiuzeni, alamu. Ndi wa kuti? Ngati ndi wa ku Boma, ali ndi kwawo?"

"Kulibe munthu."

"Nanga chitseko mumatsekeranji m'mawa uliwonse? Mukuumba ndalama m'menemo?"

Ndikanatha kulumbira pa Baibulo, koma sindilumbira. Ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando, beseni, sopo, kansalu ndi kabotolo ka mafuta, n'kuziika pabwalo. Pofika nthawi imeneyo azimayi awiri ochokera kumjigo anali ataima ndi ndowa pamutu, ndipo ena ankasuzumira m'makonde mwawo. Ndinawauza alamu kuti ndinapita kuchipatala, ndipo chimene ndinabwera nacho ndi ichi. Ndinapinda manja a malaya. Ndinayesa madzi ndi chala. Ndinapanga thovu m'manja n'kuyamba kusisita masaya ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, monga anandiphunzitsira mwana uja. Ndinatseka maso chifukwa cha sopo, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti panali chifukwa chowatsekera. Ndinatsukuluza, n'kugunditsa kansalu, n'kutapa mafuta pang'ono n'kupaka. Mkamwini sachita za kubafa pamaso pa akuchikazi, ndipo ine ndinali nditakhala pamudzipo zaka zambiri popanda wina kundionapo ngakhale nditavula malaya.

Woyamba kuseka anali mmodzi wa azimayi a ndowa aja, mpaka madzi anamutayikira pamsana. Alamu sanaseke. Anatenga kabotolo kaja, n'kukanunkhiza, n'kukabweza.

"Mafuta osanunkha n'komwe. Amenewa sangakope ngakhale nkhuku." Anandiyang'ana kumaso. "Ndiye nthawi yonseyi mumasambira chiyani?"

"Wochapira zovala."

"Mayo ine. M'bale wanga akanamva akanadzuka." Anatembenukira kwa mng'ono wawo uja. "Tinatenga botolo lija ife. Munthu tinamusiya ngati mbuzi."

Anathamangitsa azimayi aja, n'kutsala tokha atatu. Ndipamene ndinawauza za magazi. Anati iwo sananenepo kanthu za matenda, ine sindinatsutse, ngakhale ndinkadziwa kuti kapu imene ndinkamwera kwawo inkatsukidwa payokha. Anafuna kuti Lamulungu ndikaimirire kutsogolo n'kulengeza zotsatira zija, anthu achite manyazi. Ndinakana. Pa mabenchi omwewo pankakhala anthu amene magazi awo ananena zina, ena ndinkawadziwa, ena ankangodziwa okha ndi Mulungu. Ndikanaimirira n'kunena kuti ine ndilibe, ndiye ndipatseni mkate, ndikanakhala ndikunena kuti iwowo manja awo ndi odetsedwa. Alamu anati ndine wouma mutu ngati chitsa. Madzulo ake ndiwo zinabwera.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutseka chitseko, koma nkhani ya kusamba kwanga inayenda mudzi wonse mpaka kumsika. Amuna pa bawo ankandifunsa ngati ndayamba kuphunzitsa anamwali. Wina ankasisita masaya ake ndi zala ziwiri ndikamadutsa. Ndinkapitiriza m'mawa ndi madzulo, chipewa kumutu ndikapita kumunda, kansalu kochapidwa kali pachingwe poyera. Mphekesera ya mayi wa ku Boma inafa yokha, chifukwa munthu amene akumuseka chotere palibe amamuganiziranso zachibwenzi. Kaya alamu analankhula chiyani ku msonkhano wa amayi, sindinafunse.

Mawanga anachedwa monga ananenera namwino uja. Nandolo anakhwima, tinakolola, kutentha kunafika, ndipo ine ndinkaona ngati palibe chikusintha. Amene anazindikira anali mwana wanga wamkazi atabwera kudzationa kuchokera ku Limbe. Anati nkhope yayamba kufanana, zigamba zoyera zija zabwerera mtundu wake, ndipo mawanga a pachibwano akuoneka ngati mthunzi chabe. Ena sanachoke mpaka lero, makamaka a pakhosi pamene ndinkaboola kwambiri.

Mvula yoyamba itagwa, alembi anandipeza panja pa tchalitchi mapemphero atatha. Anati amene amadula mkate uja akudandaula kuti maso akumuvuta. Anandiyang'ana kumaso mwachangu n'kuyang'ananso kumbali.

"Mwapezatu bwino, abambo. Mukuoneka."

"Sindinadwale."

"Eya. Eya, n'zoona." Anakhosomola. "Loweruka likubwerali mungabwere?"

Ndinkafuna kufunsa ngati akuitana ine kapena nkhope yanga. Zaka zonse zimene ndinatumikira sizinandiikire umboni, koma sopo ndi kabotolo ka mafuta zinatha kutero, ndipo zimenezi zinandichititsa manyazi m'malo mwa tonsefe, ine ndi iwo. Koma sindinafunse. Ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri, ndipo ndinavomera msanga kuposa mmene munthu wodzilemekeza akanavomerera.

Loweruka ndinadula mkate ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Zidutswa zoyambirira zinatuluka zokhota, ndipo ndinaziika pansi pa zinzake. Lamulungu anandipatsa mbali yomwe ija ya azimayi. Ndinayenda benchi ndi benchi maso ali pa mbale. Sindinayang'ane nkhope ya munthu aliyense, ndinkangoona manja, ena okalamba, ena a khasu, ena onyamula mwana kudzanja linalo. Ambiri anatenga. Pa benchi ina cha pakati manja awiri anakhala pamwendo osasuntha, ndipo sindinakweze maso kuti ndione mwini wake, chifukwa munthu akhoza kusalandira mgonero pa zifukwa zake zimene sizikundikhudza. Ndinadikira pang'ono monga timachitira, n'kupitirira.

Titatuluka sindinaime pakhomo pamene akulu amapereka moni. Ndinatsuka mbale, n'kupinda nsalu, n'kutulukira khomo la kumbuyo, kutsata kanjira ka m'minda. Ndisanafike kumtsinje ndinamva njinga kumbuyo kwanga. Anali alembi. Anatsika n'kumaikankha pambali panga, ngakhale kwawo si njira imeneyo. Tinayenda choncho kanthawi. Kenako anafunsa ngati ndabzala kale chimanga, ine n'kuyankha kuti ndikudikira mvula yachiwiri, yoyambayi siidalirika. Anati iwonso akuganiza chimodzimodzi. Pa mlatho wa mitengo ndinawagwirira njinga kutsogolo, iwo kumbuyo, mpaka tinawoloka.